Kutsimikiza limiti ya 3x − 5 pogwiritsa ntchito ε ndi δ

Kalikulasi, chaka choyamba, pepala la sabata lachitatu

Aliyense amene waika x = 4 mu f(x) = 3x − 5 wapeza 7, ndipo palibe angatsutse kuti limiti yake pamene x ikuyandikira 4 ndi 7. Koma kuika nambala mu fankishoni si umboni wa limiti. Mawu akuti "kuyandikira" sanena kuti pafupi pake ndi pati. Tanthauzo la ε ndi δ, lomwe Karl Weierstrass analikhazikitsa m'maphunziro ake ku Berlin m'zaka za m'ma 1860 potsatira ntchito ya Bolzano ndi Cauchy, limasandutsa kuyandikirako kukhala manambala oyezeka. Tikuyambira pa fankishoni ya mzere wowongoka chifukwa masamu ake ndi ofewa, ndiye maganizo onse apite pa kayalidwe ka umboniwo.

Tanthauzo lake ndi ili. Timanena kuti lim (x → a) f(x) = L ngati pa ε > 0 iliyonse pali δ > 0 yoti, pa x iliyonse,

0 < |x − a| < δ ⇒ |f(x) − L| < ε.

Chilembo ε timachitchula epusiloni, δ ndi delita. |f(x) − L| ndi mtunda wa pakati pa f(x) ndi L, ndipo |x − a| ndi mtunda wa pakati pa x ndi a. Chimene chimayamba ndi ε. Wina amakupatsani, simusankha nokha, ndipo akhoza kuichepetsa mmene angafunire. Mbali yanu ndi kupeza δ yoyenera ε imeneyo. Choncho δ ikhoza kudalira ε, koma isadalire x, chifukwa x imabwera δ itasankhidwa kale. Kachidutswa kakuti 0 < |x − a| kakutanthauza kuti x = a yeniyeniyo sitikuiwerengera. Limiti imafunsa za pafupi ndi a, osati pa a penipeni.

Kusaka δ (ntchito ya pa lafu)

Yambirani kumapeto, pa chimene mukufuna chichepe, n'kuchifewetsa mpaka |x − 4| itaonekera:

|f(x) − 7| = |3x − 5 − 7| = |3x − 12| = 3|x − 4|.

Mzere umenewu ukunena zonse. x ikachoka pa 4 ndi mtunda wina uliwonse, f(x) imachoka pa 7 ndi mtunda womwewo katatu. Kuti 3|x − 4| ichepere ε, pafunika |x − 4| < ε/3. Ndiye tisankha δ = ε/3.

Yesani ndi nambala musanapitirire. Ngati ε = 0.3, δ = 0.1. Apa x ili pakati pa 3.9 ndi 4.1, ndipo f(3.9) = 6.7, f(4.1) = 7.3. Zakwana ndendende. Ngati ε = 0.06, δ = 0.02. Kuyesa kotere kumathandiza kugwira zolakwika, koma sikulowa m'malo mwa umboni, popeza tanthauzo likufuna ε iliyonse, osati ziwiri zokha.

Umboni

Tikufuna kuonetsa kuti lim (x → 4) (3x − 5) = 7.

Titenge ε > 0 iliyonse. Tisankhe δ = ε/3. Popeza ε > 0, ndiye kuti δ > 0. Titenge x iliyonse yokwaniritsa 0 < |x − 4| < δ. Pamenepo

|(3x − 5) − 7| = |3x − 12| = 3|x − 4| < 3δ = 3(ε/3) = ε.

Choncho pa ε > 0 iliyonse pali δ > 0 yoti 0 < |x − 4| < δ ⇒ |(3x − 5) − 7| < ε. Molingana ndi tanthauzo, limiti ndi 7. ∎

Onani kuti lafu ndi umboni zayenda mosemphana. Pa lafu tinayambira pa ε kubwerera ku δ, pomwe mu umboni tayambira pa |x − 4| < δ kukathera pa ε. Ambiri amataya malikisi pomwepa. Amalemba |3x − 12| < ε pamzere woyamba, n'kutsika mpaka |x − 4| < ε/3, n'kulekera pomwepo. Kumeneko n'kutenga chimene mukufuna kutsimikiza ngati chatsimikizika kale. Pa mzere wowongoka masitepewo amabwezeka, n'chifukwa chake cholakwacho chimabisala, koma mukadzafika pa x² sichidzabisalanso. Zolowerani tsopano kulemba umboni kuyambira pa "Titenge ε > 0".

Kodi δ ndi imodzi yokha? Ayi. Iliyonse yoposa 0 koma yochepera ε/3 imagwiranso ntchito. Mukasankha δ = ε/4 mupeza 3|x − 4| < 3ε/4 < ε, ndipo umboni ndi wolondola. ε/3 ndiyo yaikulu kwambiri yomwe ingatheke. Ikapitirira apo zimaonongeka. Amene wasokoneza kugawa ndi kuchulukitsa n'kulemba δ = 3ε ayese ε = 0.3. δ yake ndi 0.9, ndipo x = 4.5 ikuloledwa, koma f(4.5) = 8.5, yomwe yatalikira 7 ndi 1.5, kasanu kuposa ε. Cholakwa china ndi kulemba δ = |x − 4|, kapena δ ina iliyonse yokhala ndi x mkati. Imeneyo si nambala yosankhidwiratu, ndiye tanthauzo silikuilola.

Giladiyenti ikakhala yanegativu

Titenge g(x) = 7 − 2x, a = 5, L = −3. Samalani ndi zizindikiro: g(x) − L = 7 − 2x + 3. Ndiye

|10 − 2x| = |−2(x − 5)| = |−2| · |x − 5| = 2|x − 5|.

Kunja kwa modulasi kumatuluka 2, osati −2. Wotulutsa −2 amathera pa δ = −ε/2, yomwe ndi yochepera 0, ndipo palibe x yomwe mtunda wake ungachepere nambala yanegativu. Yoyenera ndi δ = ε/2, ndipo 2|x − 5| < 2δ = ε.

Pa mzere wina uliwonse f(x) = mx + c, ndi L = ma + c, c imafafanizika:

|(mx + c) − (ma + c)| = |m| · |x − a|.

Ngati m ≠ 0, sankhani δ = ε/|m|. Mzere wotsetsereka kwambiri umafuna δ yaing'ono. Wopendekeka pang'ono, monga m = 1/4, umalola δ = 4ε, yoposa ε, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Nanga m = 0? Kugawa ndi 0 sikutheka, ndiye mbali iyi ilembedwe payokha: |c − c| = 0 < ε pa x iliyonse, choncho δ iliyonse, tinene δ = 1, ikwanira. Amene akufuna δ imodzi yogwira pa m iliyonse atenge δ = ε/(|m| + 1), chifukwa |m| · |x − a| ≤ |m|δ < (|m| + 1)δ = ε.

Tanthauzoli limakananso yankho lolakwika, ndipo ndi bwino kuona mmene limakanira. Wina anene kuti limiti ya 3x − 5 pa 4 ndi 8. Mpatseni ε = 0.5. Kaya asankhe δ yotani, tengani x = 4 − δ/2. x imeneyi ikukwaniritsa 0 < |x − 4| < δ, koma f(x) = 7 − 3δ/2, yomwe yatalikira 8 ndi mtunda woposa 1. Palibe δ yoyenera ε = 0.5, choncho 8 si limiti. Potsutsa, ε imodzi yokha ndi yokwanira.

Ntchito ya Lachinayi

Lembani umboni wathunthu wa lim (x → −1) (4x + 9) = 5 ndi wa lim (x → 6) (2 − x/3) = 0. Lafu ikhale patsamba lake, umboni patsamba lake. Pa yoyambayo, |x − (−1)| ndi |x + 1|. Pa yachiwiri, yesani δ yanu ndi ε = 0.1 musanapereke: x iyenera kugwa pakati pa 5.7 ndi 6.3.