Futali wa Agogo a ku Kawale

Agogo amafotokoza kaphikidwe ka futali ngati nthano, miyeso atayibisa m'kati mwa nkhani za kumunda. Ndakulekanitsirani bwinobwino, achemwali, kuti musamasokonezeke mphika uli pamoto.

Zofunika:
- Mbatata 6 zapakatikati
- Nsinjiro kapu 1
- Madzi makapu 2
- Mchere pang'ono

Kaphikidwe:
1. Sendani mbatata, muzitsuke, muzidule nthulinthuli.
2. Ikani mu mphika pamodzi ndi madzi ndi mchere, muvundikire.
3. Zikayamba kufewa, sungunulani nsinjiro m'timadzi tochepa, muthire pamwamba.
4. Chepetsani moto. Apa mpomwe agogo amalimbikira: nsinjiro sizichedwa kupserera, ndiye musachokepo, muzitakasa mofatsa mpaka fungo lauwisi litatha.
5. Msuzi ukalimba, phulani.