Madamu, pepala la mtedza lija ladutsa, tikuyamikireni

Madamu mwaswera bwanji kumeneko? Ine pano chimwemwe chokhachokha, ndaona pa gulupu ya kalasi yathu ija kuti a jenolo aja akuyankhani ndipo pepala lanu la chuku cha mu mtedza alilandira, lituluka. Eee koma abale! Zabwino zonse Madamu, mwagwira ntchito yotamandika, Mulungu alemekezeke. Ndimafuna ndiimbe koma ndadziwa kuti lero foni yanu siikupuma, ndiye ndangoti ndilembe muwerenga mukapeza mpata, mukhululuke nditalikitsa pang'ono chifukwa nkhaniyi yandikhudza ngati yanga yomwe.

Anthu ambiri pa gulupupo angoponya tizithunzi towomba m'manja basi, sakudziwa kuti pepala limodzi limadya munthu bwanji. Amaganiza kuti lekichala amangokhala mu ofesi pa Bunda nkulemba, kutumiza, mawa lake latuluka. Ife amene tinanyamula nawo timajumbo ta masampulo tikudziwa. Kuyambira pa pulopozo, kudikira chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu, kukagwada kwa mafumu, kenako kuyenda khomo ndi khomo uku kwa Mkanda uku kwa Kamwendo, dzuwa lili pamutu, mayi aliyense kumufotokozera kaye kuti ayi sitinabwere kudzalemba maina a makuponi, tikungopempha kamtedza kodzaza dzanja. Ndipo inu munkakana zongotenga mtedza wa pamwamba pa thumba, munkati tipise mkono mpaka pansi, pakati, m'mbali, tisakanize, chifukwa chuku sichikhala paliponse mofanana, njere zochepa zowola zitha kuipitsa thumba lonse ndipo ukatapa malo amodzi udzinamiza wekha. Nthawi imeneyo tinkaona ngati mukutivutitsa, pano inenso ndi zomwe ndimawauza anzanga ku ofesi.

Ndiye kubwera ku labu, kugaya, kuyeza, magetsi kuthima makina ali mkati, kudikira mankhwala oyezera omwe amachita kuitanitsa kunja ndalama yakunja ikusowa. Zonsezi mukuchita uku mukuphunzitsa makalasi odzaza, kuchonga mapepala a mayeso mulu wake umenewo, ana a chaka chomaliza ali pa mzere pakhomo la ofesi aliyense ndi chaputala chake, kunyumba nakonso ana akufuna amayi awo. Sindikudziwa kuti munkagona nthawi yanji.

Chimene chandisangalatsa kwambiri nchoti simunafooke pomwe jenolo yoyamba ija inakubwezerani pepala osalitumiza nkomwe kwa oliunika. Ndikukumbuka munangoseka nkuti basi tipita kwina. Ndipo kwina kuja nako sikunali kophweka, miyezi kudikira, kenako ndemanga kubwera masamba angapo, woliunika woyamba waulemu bwinobwino, wachiwiri uja eish, ameneyo ngakhale sitikumudziwa dzina tonse mu gulu lathu tinkamutchula tsiku lililonse. Ankafuna mufotokoze chifukwa chomwe munasankhira midzi imeneyo osati ina, mubwereze masamu onse ndi njira ina, muchotse tebulo lomwe tinalivutikira sabata yonse. Ine ndinapsa mtima ndithu. Koma inu munakhala pansi nkumuyankha mfundo imodzi imodzi, pomwe akunena zoona munavomera nkukonza, pomwe walakwitsa munamuonetsa mwaulemu ndi umboni, ndipo kunena chilungamo pepala lomwe munatitumizira komaliza lija linali lakuthwa kuposa loyamba. Mwina munthu ujanso tim'thokoze, koma osati lero.

Komanso mukanatha kudula njira. Tonse timalandira maimelo aja a majenolo achinyengo, oti tumizani lero lipirani madola, sabata yamawa latuluka, palibe amene waliwerenga. Ena amapita kumeneko kuti angochulukitsa mapepala pofuna pulomoshoni. Inu munadikira jenolo yeniyeni yomwe akatswiri anzanu amaunika mozama, nchifukwa chake lero mutha kuimirira paliponse, kaya ku Chitedze kaya ku msonkhano wakunja, munthu akafunsa funso simuchita kuyang'ana pansi.

Tsono ine poti ndili kuno kumudzi ndi alimi tsiku ndi tsiku, ndikuuzeni chifukwa chake pepalali ndikuliona lolemera. Nkhani ya afulatokisini, poizoni wochokera ku chuku uja, ambiri amaidziwa ngati nkhani ya msika, yoti mtedza wathu umakanidwa kunja. Nzoona, ku Ulaya mtedza wodya anthu safuna ukhale ndi poizoniyu wopitirira magawo 4 pa biliyoni, ndipo akuluakulu amatiuza momwe Chalimbana ankapitira kunja kale kudzera ku Adimaki msika usanatisiye. Koma inu munafunsa funso lina lomwe ambiri salifunsa, loti mtedza wosankhidwa uja, wabwino ukapita kwa venda, wotsalawo umapita kuti? Ndipo yankho tinaliona ndi maso athu. Mayi wakhala pa mkeka ndi lichero, wonona wosalala akuponya mu thumba logulitsa, mphwephwa, wosweka ndi wakuda uja akuika mu kabeseni pambali. Mukamufunsa uwu mutaya? Akuseka, akuti titaye chakudya? Uwu ndi wa nsinjiro. Ndiye womwewo usinjidwa, ulowa mu mpiru wotendera, ulowa mu phala la mwana wa miyezi isanu ndi umodzi amene kuchipatala anena kuti muzimuthirira nsinjiro kuti akule bwino. Mayi akuchita zomwe anauzidwa, mwachikondi, osadziwa kuti poizoni wambiri ali mu kabeseni komweko. Ndipo ngakhale aukazinge, ngakhale phala libwate bwanji, poizoni ameneyu safa ndi moto wa pa mafuwa. Saonekanso ndi maso nthawi zonse, mtedza utha kuoneka woyera koma ali momwemo.

Ichi chimandiwawa Madamu chifukwa sichipha lero ndi lero kuti anthu achite mantha. Chimadya chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa, ndipo akatswiri amachikhudzanitsa ndi kupinimbira kwa ana, komanso mayi akadya chimatha kudutsira mu mkaka wa m'mawere. Zikafika poipa zimaphanso msanga, ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku, munatiphunzitsa nokha mu kalasi ndipo sindinaiwale. Ndiye pepala lomwe likuika pa mbalambanda kuti vuto lalikulu latsalira pa mbale ya pakhomo osati pa sikelo ya venda, limenelo ndi pepala lofunika, kaya wina alitchula mu kafukufuku wake kaya ayi.

Ndinakondanso kuti simunawanyoze alimi mmenemo. Mapepala ena ukawerenga amangoti alimi sadziwa, alimi ndi osaphunzira. Inu munalemba chifukwa chake anthu amachita zomwe amachita. Zowaza madzi pa mtedza usiku kuti makoko afewe, munafotokoza kuti amene akuswa ndi manja ndi amayi ndi ana, zala zimachita kutupa, ndiye madziwo ndi opepukitsa ntchito, enanso kuti ulemereko pa sikelo poti mtengo wake ndi umodzi kaya wouma kaya wonyowa. Zokumba mochedwa, munaonetsa kuti nthawi yomweyo anthu ali kalikiliki ndi chimanga, soya ndi fodya, mtedza umadikira mu nthaka. Zoyanika pansi pa dothi, pa denga, zosunga mu matumba a pulasitiki mtedza usanaume. Ndipo mvula ikadula msanga mtedza ukukhwima, chuku chimalowa uli m'munda momwe, mlimi asanalakwitse kalikonse. Munthu akawerenga amaona kuti kungowakalipira alimi pa wailesi sikungathandize ngati venda salipira kanthu koonjezera pa mtedza wosamalidwa bwino.

Tsopano pempho langa, mundikhululukire ndayamba kale kupempha tsiku lachisangalalo. Mukukumbuka kwa Mkanda agogo ena anatifunsa kuti inu a sukulu mumangobwera kudzatenga, zotsatira zake timazimva liti? Munawalonjeza kuti mubweranso. Pepala lili mu Chingerezi chozama, ndi ma tebulo ndi manambala, ngakhale ine malo ena ndimabwereza kawiri. Bwanji tipange katsamba kamodzi ka Chichewa, kutsogolo ndi kumbuyo basi, ka zithunzi, konena zoti kumbani pa nthawi yake, yanikani pa mulu wolowa mphepo uja wa Mandela koko mtedza uli ku mitengo yake kapena pa thandala osati pa dothi, musawaze madzi, sungani ndi makoko ake pamalo pouma thumba lisagunde pansi, ndipo wowola ndi wakuda uja asalowe mu phala la mwana. Kumasulira ndithandiza ine, ndi alimi otsogola tili nawo kale mu makalabu, a zaumoyo a m'midzi nawonso ndikhoza kuwaitana chifukwa iwo ndi amene amakumana ndi amayi ku sikelo ya ana. Zikanakhala bwino tichite chakumapeto kwa Malichi anthu asanayambe kukumba mu Epulo, osati akolola kale. Funso lomwe ndikudziwa adzatifunsa ndi loti ndiye wotsalawo tiutani, poti kupatsa nkhuku kapena ng'ombe za mkaka nakonso si bwino, pamenepo mudzabwere mutakonzeka chifukwa amayi a kuno safunsa mokuopa.

Za pulomoshoni sindinena zambiri, ndikudziwa mapepala otere ndi amene amawerengedwa munthu akamafunsira usiniya lekichala, ndiye ife tayamba kale kuyeserera kukuitanani ndi dzina latsopanolo, upulofesa nawo ukubwera. Atsikana amene muli nawo mu kalasi pano akuona, ena mwa iwo akuchokera m'midzi yomweyi ya mtedza, ndipo kuona mayi wachimalawi dzina lake lili poyamba pa pepala, osati pa mzere wothokoza kumapeto, zimapatsa mtima wina. Ineyo ndinamva kuti maina athu ife otolera data mwawaika pa gawo lothokoza, ndawauza kale amayi anga ngakhale sanamvetse kuti jenolo nchiyani, angoti ndiye akupatsa zingati, kkkk.

Akakutumizirani lomaliza loti muone zolakwika lisanasindikizidwe, chonde muyang'anitsitse maina a midzi ndi a mbewu, akunja aja amatha kulemba Nsinjiro kapena Chalimbana mokhota. Likangotuluka munditumizireko linki, ndipo ngati ndi lija lofuna kulipira kuti uwerenge munditumizire PDF pa watsapu, netiweki ya kuno imakoka bwino usiku. Moni kwa abambo kunyumba ndi ana, awonso apirira nawo. Kumapeto kwa mwezi ndikubwera ku Lilongwe kudzatenga zipangizo za ku ofesi, ndidzakuimbirani ndikafika kuti ngati muli pa kampasi ndidzakugwireni chanza, fanta ndigula ine.

Ndine mwana wanu wa ku Mchinji, wa njinga yamoto yovuta kulira ija.