Manotsi a kalabu ya sayansi, Fomu 4: momwe CRISPR imadulira DNA

Lachitatu lapitali tinasiyira pakati chifukwa cha kutentha kwa Ngabu, malata akuchita kuthetheka, theka la kalasi likuwodzera. Ndalemba zonse pano kuti muwerenge madzulo kukazizira. Ndikamati majini ndikunena tizigawo ta DNA tosunga malangizo a thupi, osati aja amatulutsidwa kumapemphero. Amene anaseka tsiku lija akudzidziwa.

Tiyambe ndi funso limene mmodzi wa inu anafunsa: kodi makina odulira DNA a CRISPR anapangidwa kufakitale iti? Palibe fakitale. Anthu anakawapeza mwa mabakiteriya. Bakiteriya nayenso amadwala, amagwidwa ndi mavayirasi. Akapulumuka, amadula kachidutswa ka DNA ya vayirasiyo n'kukasunga m'kati mwa DNA yake, pamalo amene timawatchula kuti CRISPR. Vayirasi yomweyo ikabweranso, bakiteriya amakopera kachidutswa kaja kukhala RNA, m'bale wake wa DNA wokhala ndi chingwe chimodzi, n'kupatsa puloteni yodula kuti ikasake mdaniyo. Mizere yobwerezabwereza ya malo amenewa inaonedwa koyamba ku Japan mu 1987, koma ntchito yake sinadziwike. Umboni woti ndi chitetezo unabwera mu 2007 kuchokera kwa akatswiri ofufuza mabakiteriya opangira yogati. Mu 2012 Emmanuelle Charpentier ndi Jennifer Doudna ndi anzawo anasonyeza kuti munthu angathe kulemba yekha RNA ija n'kutuma puloteniyo kukadula pamene iye akufuna. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2020.

Zida zake ndi ziwiri. Choyamba ndi Cas9, puloteni yodula DNA, imene yodziwika kwambiri inachokera mwa bakiteriya wotchedwa Streptococcus pyogenes. Chachiwiri ndi RNA yolondolera, imene ine ndimaitchula kuti namulondola. Cas9 payokha ili ngati wodula nzimbe ku Nchalo amene chikwanje ali nacho chakuthwa koma sanauzidwe munda. Namulondola ndiye kapitawo. Mbali imodzi ya RNA imeneyi imapindika n'kugwirana ndi Cas9, mbali inayo ili ndi zilembo 20 zimene wasayansi amasankha.

Mukukumbukira kuti DNA ili ndi zingwe ziwiri zopotana, ndipo A amagwirana ndi T, pomwe C amagwirana ndi G. Mu RNA, malo a T mumakhala U. Mu selo ya munthu muli mapeyala a zilembo oposa 3 biliyoni. Ndiye Cas9 ingapeze bwanji zilembo 20 m'nkhalango yotere? Siwerenga chilembo chilichonse. Imangogundagunda DNA kufunafuna kachizindikiro ka zilembo zitatu kotchedwa PAM, komwe kwa Cas9 imeneyi ndi chilembo chilichonse chotsatiridwa ndi GG. Ikapeza PAM imaima, n'kutsegula zingwe ziwiri zija pang'ono kuti namulondola ayese ngati zilembo zake zikugwirana ndi za DNA. Zikapanda kugwirana imachoka. Zikagwirana, kuyambira pafupi ndi PAM mpaka kumapeto, puloteniyo imasintha kaimidwe kake ndipo mipeni yake iwiri imagwira ntchito: wina wotchedwa HNH umadula chingwe chimene chagwirana ndi RNA, wina wotchedwa RuvC umadula chinzakecho. Kudulako kumachitika zilembo zitatu tisanafike pa PAM.

Chitsanzo chimene ndinalemba pabolodi, chongopeka, ndi ichi:

```
DNA: GATTACCGTAAGCTTGA|CCA TGG
RNA: GAUUACCGUAAGCUUGA CCA
```

TGG ndiye PAM, ndipo kamzere kakusonyeza podulidwa. Onani kuti PAM ili pa DNA yokha, mu RNA mulibe. Komanso RNA ikufanana ndi chingwe chimene ndalembachi chifukwa imakagwirana ndi chinzake chimene sindinachilembe. Ambiri mumalakwitsa pamenepa. PAM imathandizanso bakiteriya kuti asadzidule yekha, pakuti tizidutswa timene anasunga mu CRISPR yake tilibe chizindikirochi pambali pake.

Tsopano pano m'pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti Cas9 ndiyo imasintha jini. Ayi. Iyo ntchito yake imathera pa kudula. Amene amasintha ndi selo yomwe, pamene ikuyesa kudzipulumutsa. DNA ikaduka zingwe zonse ziwiri selo ikhoza kufa, choncho imathamangira kukonza, ndipo njira zake zazikulu ndi ziwiri.

Njira yoyamba, imene m'mabuku mudzaiona yalembedwa NHEJ, ndi yolumikiza nsonga ziwiri zija mwachangu. Amene munaonapo asodzi a ku Bangula akumanga ukonde umene ng'ona yaung'amba, ali m'bwato, nsomba zikuthawa, mukudziwa kamangidwe kake: bola dzenje latsekeka, maso a ukonde ena asowa, ena awonjezeka. Nthawi zambiri selo imalumikiza bwinobwino. Koma ikatero zilembo zimabwerera mwakale, Cas9 imapezanso malo aja n'kudulanso. Zimapitirira choncho mpaka tsiku lina selo italakwitsa, kutaya zilembo zingapo kapena kuwonjezera. Pamenepo namulondola sazindikiranso malowo, kudula kumatha, cholakwika chija chimakhazikika.

Chilembo chimodzi chingawononge chiyani? Selo imawerenga jini zilembo zitatuzitatu. Werengani ichi:

ANA AJA ABA UFA UJA

Chotsanipo J woyamba, muwerengenso zitatuzitatu:

ANA AAA BAU FAU JA

Nkhani ya ufa yathera pomwepo. Umu ndi momwe asayansi amazimitsira jini kuti aone ntchito yake.

Njira yachiwiri, HDR, ndi ya msodzi amene wakhala pansi pa mtengo wa msawu, ukonde wina wabwino wauyala pambali, akutsanzira diso ndi diso. Mwachilengedwe selo imatsanzira kope linzake la DNA yomweyo. Wasayansi amailowetsera kachidutswa ka DNA kofanana ndi mbali zonse za podukapo, koma pakati pake ataikapo zilembo zimene akufuna, ndipo selo imakopera osadziwa kuti yapusitsidwa. Njira imeneyi ndiyo ingakonze chilembo cholakwika, koma siichitika kawirikawiri, ndipo imagwira ntchito makamaka m'maselo amene akukonzekera kugawikana.

N'chifukwa chake mankhwala oyamba a CRISPR, otchedwa Casgevy, amene anavomerezedwa ku Britain ndi ku America chakumapeto kwa 2023 pochiza matenda a sikoselo, sakonza chilembo cholakwikacho. Madokotala amatulutsa maselo opanga magazi a wodwalayo, n'kudula kachigawo kolamulira jini ya BCL11A, imene imazimitsa himogulobini ya ukhanda munthu akabadwa. Selo ikalakwitsa polumikiza, chozimitsa chija chimafooka, thupi limayambanso kupanga himogulobini ya ukhanda imene sipinditsa maselo ofiira. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi, komanso wodwala amayamba walandira mankhwala amphamvu opha maselo akale a m'mafupa, maselo osinthidwa aja asanabwezeredwe m'thupi mwake. Sikoselo ndi matenda athu kuno ku Africa, koma mwana wa ku Makhanga sangaone chithandizo chimenechi posachedwa, ndipo izi zimandiwawa.

Namulondola nayenso amasochera. Cas9 imatha kudula malo amene akusiyana ndi RNA pa chilembo chimodzi kapena ziwiri, makamaka zakutali ndi PAM. Ndiponso kusintha maselo a munthu wodwala n'kosiyana ndi kusintha mluza, kumene kumapitirira kwa zidzukulu. He Jiankui wa ku China atasintha miluza mu 2018 anagamulidwa kukhala kundende zaka zitatu.

Lachitatu likubwerali aliyense abwere ndi pepala la pakati pa kope ndi guluu ngati ali naye. Sizasi ndibweretsa ziwiri zokha, ndipo ndidzaziwerenga potuluka. Musanabwere, tengani chitsanzo cha DNA chili pamwambacho, mulembe chingwe chinzake, kenaka musonyeze pamene mpeni uliwonse ungadule.