Kawerengedwe ka tchati cha zosonkha za gulu lathu

Amayi ndi abambo, pa tchatichi maina ali kumanzere motsika mmunsi, miyezi ili pamwamba, kuyambira Januwale mpaka Disembala. Ikani chala pa dzina lanu, muyende nacho kumanja mpaka mufike pansi pa mwezi womwe mukufuna. Nambala ili m’kabokosimo ndi ya masheya, osati makwacha. Sheya imodzi ndi K2,000, ndiye mukaona 3, munasonkha K6,000.

Kamzere kakutanthauza kuti mwezi umenewo simunasonkhe. Ngongole, chindapusa ndi ndalama ya zadzidzidzi sizili pano, zili m’kaundula.

Ambiri amasokonezeka chala chikatsetserekera pa mzere wa mnzawo. Ikani rula pansi pa dzina lanu. Nambala ikasiyana ndi zidindo za m’kabuku kanu, chonde uzani alembi pamsonkhano, bokosi lisanatsekedwe, chifukwa pogawana mu Disembala tidzawerengera masheya omwewa.