Chidziwitso kwa tonse okhala m'nyumba muno: thawulo, lezala ndi mswachi sizibwerekanidwa

Anzanga, pa msonkhano wa Lamlungu lapitali anthu atatu adadandaula kuti amapeza thawulo lawo lili lonyowa iwo asanasambe, ndipo mmodzi lezala lake adakalipeza m'bafa la uko muli tsitsi la munthu wina. Muno mu Chikanda timabwerekana zambiri, makala, mchere, chaja, ngakhale jekete lopitira ku inthavyu. Zitatu izi zokha ayi, ngakhale mwini wake ndi mnzanu wa ponda apa nane mpondepo.

Vuto la lezala ndi mswachi ndi magazi. Pometa ndevu kapena m'khwapa khungu limachekeka pang'ono, ndipo ambirife nkhama zimatuluka magazi potsuka mano, kungoti thovu limabisa. Kachilombo koyambitsa matenda a chiwindi a hepatayitisi B kamakhala ndi mphamvu m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposa, ndiye kutsukuluza lezala pampopi sikuthandiza kanthu. Hepatayitisi C nayo imadzera m'magazi. Ambiri timangoopa HIV, koma pa lezala hepatayitisi B ndiyo imapatsirana mosavuta kwambiri, ndipo munthu amatha kukhala nayo zaka zambiri akuoneka wathanzi, iye mwini osadziwa. Choncho mawu oti "ine ndilibe kanthu" asakutsimikizireni.

Thawulo limanyamula za pakhungu: zipere, mphere, mafangasi a m'zala za kuphazi ndi tizilombo toyambitsa zithupsa. Mphere zimatha kutenga milungu 4 mpaka 6 munthu asanayambe kudzikanda, pamenepo n'kuti thawulo lija litazungulira zipinda zonse. Matenda a maso ofiira aja adavuta m'dziko muno mu 2024 nawo amayenda bwino pa nsalu yopukutira kumaso. Tangoganizani nyumba yonse maso ali psuu, sabata ya mayeso!

Ndiye kuyambira lero, aliyense alembe dzina lake pa thawulo ndipo amange kaulusi pa mswachi wake. Kapu ija tinkaikamo miswachi yonse pawindo la bafa tayichotsa, aliyense azisunga wake kuchipinda. Mukasamba kayanikeni thawulo pachingwe panja, osati kulisanjika pa la mnzanu kuseri kwa chitseko. Lezala lakutha muziliponya m'chitini chotseka chomwe chili pakona pa bafa, chifukwa amayi otithandiza kusesa amatola zinyalala ndi manja. Mlendo wogona abwere ndi zake.

Ngati ndalama zavuta, ndiuzeni mwakachetechete. Tagula miswachi ndi malezala angapo ndi ndalama za msonkho wa nyumba, mudzabweza ya kumudzi ikafika. Amene mudabwerekapo kale lezala kapena mswachi wa wina ndipo mtima suli m'malo, pitani kuchipatala mukafunse zoyezetsa magazi komanso za katemera wa hepatayitisi B.

Tisasalane chifukwa cha chidziwitsochi. Hepatayitisi B ndi HIV sizipatsirana podyera mbale imodzi, ndiye nsima tizidyerabe limodzi monga kale.

Tiyamike, m'malo mwa komiti ya nyumba (chipinda nambala 4)