Malamulo a asimputoti yopingasa: kufananiza digiri ya pamwamba ndi ya pansi

Ophunzira nonse, werengani izi mayeso a Lachisanu asanafike, chifukwa pa ntchito ya sabata yatha ambiri mwa inu munaloweza malamulo atatuwa koma munalephera kufotokoza kumene amachokera.

Tiyerekeze kuti f(x) = P(x)/Q(x), pomwe P ndi polinomiyo ya digiri n ndipo Q ndi ya digiri m. Asimputoti yopingasa ndi mzere y = L umene girafu imauyandikira pamene x ikukula mopanda malire, kaya kumanja kapena kumanzere. Maziko ake ndi amodzi: x ikakula kwambiri, chigawo chokhala ndi mphamvu yaikulu ndicho chimalamulira polinomiyo yonse, ndipo tikagawa pamwamba ndi pansi pomwe ndi xᵐ, zigawo monga 1/x ndi 7/x² zimachepa kulowera ku 0.

Ngati n < m, asimputoti ndi y = 0, pakuti pansi pamakula mofulumira kuposa pamwamba. Mu (3x + 5)/(x² + 1), tikaika x = 1000 timapeza 3005/1000001, yomwe ndi pafupifupi 0.003.

Ngati n = m, mpikisano ulibe wopambana, ndipo apa mpamene muyenera kusamala. Taonani (6x² − x)/(2x² + 7). Tikagawa ndi x² timapeza (6 − 1/x)/(2 + 7/x²), ndipo popeza 1/x ndi 7/x² zikuzimirira, chotsala ndi 6/2, kutanthauza kuti asimputoti ndi y = 3. Poyesa ndi x = 100 timapeza 59900/20007, pafupifupi 2.994. Motero lamulo likuti tigawe manambala amene achulukitsa mphamvu yaikulu ya x, osati manambala amene angolembedwa koyambirira. Kusiyanaku n'kofunika, chifukwa mu (5 − 4x)/(2x + 1) yankho ndi y = −2, ngakhale kuti ena mwa inu munalemba 5/2.

Ngati n > m, asimputoti yopingasa palibe, chifukwa tikagawa, pamwamba pamatsalabe x imene ikukulirakulira pomwe pansi pakhazikika pa nambala imodzi. Komabe n ikaposa m ndi 1 yekha, pamakhala asimputoti yopendekeka: (x² + 1)/(x − 2) = x + 2 + 5/(x − 2), ndipo chigawo chomalizacho chikamachepa, girafu imatsatira mzere y = x + 2.

Pomaliza, si zoona kuti girafu singadutse asimputoti yopingasa, popeza mzerewu umangonena za khalidwe la girafu kutali kwambiri. Girafu ya chitsanzo choyamba chija imadutsa y = 0 pa x = −5/3. Pa mayeso mudzafunsidwa kusonyeza kugawa konse, ndipo yankho lopanda njira lidzalandira theka la malikisi.