Ndalama za pa Foni: Mawu a M'kanema Wophunzitsa Oyamba Kumene

(Chithunzi: msika wa Lizulu m'mawa, matumba a mbatatesi ali m'mbali mwa msewu.)

Mayi mukuwaonawa agulitsa mbatatesi zawo, ndipo akufuna kutumiza K50,000 kwa mwana wawo amene ali pa sukulu ku Lilongwe. Kale akadapatsira munthu wokwera minibasi n'kumadikira ndi mtima uli m'mwamba, koma lero angowoloka msewu kupita kwa ejenti.

Kuti muyambe, mufunika foni, ngakhale yamabatani, simu yolembetsa m'dzina lanu ndi chiphaso cha unzika. Ngati muli pa Airtel, mumaimba *211# kuti mulowe mu Airtel Money, ndipo ngati muli pa TNM, mumaimba *444# kuti mulowe mu Mpamba. Intaneti siifunika.

(Chithunzi: mayi akuwerengera ejenti ndalama pa tebulo.)

Onetsetsani chimene chikuchitika apa, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mayi apereka ndalama zamapepala, ndipo ejenti wachotsa ndalama zofanana nazo mu akaunti yake n'kuziika mu akaunti ya mayiwa, imene imadziwika ndi nambala yawo ya foni. Ndalamazo sizili m'kati mwa foniyo ayi. Zalembedwa m'kaundula wa kampani m'dzina lawo. N'chifukwa chake foni ikagwera m'madzi kapena ikabedwa, mumapita ku ofesi ya kampaniyo ndi chiphaso chanu, n'kutenga simu ina ya nambala yomweyo, ndipo ndalama zanu mumazipeza zili momwemo. Komabe musachoke pa ejenti uthenga wotsimikiza usanalowe, ngakhale mzere utalike bwanji kumbuyo kwanu.

(Chithunzi: chala chikudina mabatani.)

Potumiza, sankhani gawo lotumizira ndalama, lembani nambala ya wolandira ndi kuchuluka kwa ndalamazo, kenaka werenganinso zonse modekha musanaike nambala yanu yachinsinsi, popeza kubweza ndalama zimene zapita kwa munthu wolakwika ndi ntchito yovuta. Kumbukirani kuti potapa ndalama pamakhala kandalama kodulidwa, choncho ndi bwino kuwonjezerapo pang'ono kuti wolandirayo asaperewedwe.

Nambala yachinsinsiyo ndi yanu nokha. Musasankhe chaka chimene munabadwa, musailembe kuseri kwa foni, ndipo musaitchulire ejenti kuti akudinireni, ngakhale atakhala mwana wa achimwene anu. Wina akakuimbirani n'kunena kuti ndi wa ku kampani ndipo akufuna nambalayo, kapena kuti wakutumizirani ndalama molakwitsa ndiye mumubwezere, dulani foni, imbani *211# kapena *444#, muone nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu.

(Chithunzi: foni ya mayi ikulira.)

Uthenga walowa wosonyeza kuti K50,000 yapita ndiponso ndalama zimene zatsala. Mayi ausunga osaufufuta, popeza muli nambala ya umboni imene angaitchule ku kampani ngati mwana wawo atanena kuti sanalandire.